Mafunso a Tsidya Lino

Ine ndinaphunzitsa Giredi 3 ku Chiparamba mpaka tsitsi linayera, ndipo chimene anthu ankandidziwa nacho si chifundo ayi, koma rula. Tayimutebulo ya sukulu yonse ndinkajambula ndine. Ahedi ankabwera ndi kupita, koma pepala la pakhoma la mu ofesi linali la dzanja langa, mizere yowongoka, popanda pofufuta. Nditapuma ntchito ndinabwera kudzakhala ku Kapata muno mu Chipata, rula yanga ndinabwera nayo, ndi mtima wanga wapachala womwe.

Mng'ono wanga anakwatiwa tsidya lija, m'mudzi wina wa ku Mchinji. Kwa ife malire aja sanali kanthu. Maliro timalira pamodzi, chinenero ndi chimodzi, ndalama uku ndi kwacha uko ndi kwacha. Ukakwera galimoto m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu uli pakhonde pake ukumwa thobwa. Mng'ono wangayo anadwala nthawi ya mvula, ndipo amene anamusamalira kuchipatala teremu yathunthu ndi mwana wake woyamba, mtsikana wa Fomu 4. Tinaika maliro chimanga chikuyamba kuuma. Tsiku lomwaza anthu, alamu anga, bambo a mtsikanayo, ananena mawu awo osakweza, maso ali pansi.

"Alamu, mayeso alembe, poti dzina linalowa kale. Akakhoza, mumutenge, akapitirize sukulu ali kwanu. Akalephera, ine ndilibe mphamvu zomubwerezetsa. Ana atatu awa akufuna mayi, munda ukufuna khasu."

Sanali munthu woipa, ankangonena zimene zinalipo. Ine ndinayankha mwamatama kuti, "Ameneyu ndi wanga. Mundipatse sabata imodzi yokha mayeso asanayambe, muona."

Sabatayo inapezeka mu Juni, sukulu yawo itawamasula kuti akakonzekere. Kutatsala masiku ochepa kuti afike, ndinapita kwa mayi wina wa mu mphakati wathu wa kutchalitchi, mphunzitsi wa masamu kusekondale, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri. Ndinamupeza akuchapa.

"Madamu, ndili ndi mwana wa Fomu 4 akulemba posachedwapa. Mundijambulire mafunso a mayeso akale, a maphunziro onse, ndi mayankho ake."

"Fomu 4? Mukunena womaliza sekondale?"

"Eya, womaliza. Nanga ndanena Chitchaina?"

Anaseka, nati azimayi akale sitidzasiya kutchula mafomu. Sanafunse zambiri, inenso sindinanene zambiri. Mawa lake foni yanga inayamba kulira ngati kamwanapiye: zithunzi, zithunzi, zithunzi. Anajambula m'kabati ya kusukulu kwawo, tsamba ndi tsamba, nalumpha zikuto zonse kuti bandulo isathe msanga. Mayankho ena anali olemba pamanja ndi aphunzitsi anzake. Atatero ananyamuka kupita kumaliro ku Chipangali.

Ndisaname, ntchito imene ndinagwira pa zithunzi zija inali yabwino. Ndinazipatula phunziro ndi phunziro, chilichonse m'kathumba kake mufoni. Zosaoneka bwino ndinataya. Kenaka ndinatenga kalendala yakale ya kutchalitchi, ndinaitembenuza, ndinatulutsa rula. Mizere isanu ndi iwiri, Lolemba mpaka Lamulungu. M'mawa, mutu ukadali watsopano, phunziro lovuta: amayankha mafunso buku lili chitsekere, wotchi ili patebulo, nthawi yomweyo imene pepala lanena. Dzuwa likapendeka tichonge pamodzi, funso lililonse limene walakwa lilembedwe m'kope lapadera. Mafunso a m'kope limenelo abwerenso pakapita masiku awiri, kuti tione ngati zalowa kapena zinangodutsa. Chingerezi ndinachiika tsiku lililonse, chifukwa ndinkadziwa kuti ukalephera Chingerezi, ngakhale ukhoze zina zonse, setifiketi kulibe. Loweruka mayeso oyeserera a tsiku lonse. Lamulungu ndinalemba kuti: Misa, kupuma, ulendo. Pa bokosi lililonse ndinasiya kadanga kochongamo akamaliza.

Anafika Lamulungu masana ndi kachikwama ka pulasitiki, atavala juzi ya mayi ake. Anali atawonda, khosi litatalika. Anagwada pakhomo kundipatsa moni, ndipo nditamuonetsa kalendala ija pakhoma anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Yakongola, amayi aakulu," anatero.

"Si yokongoletsa nyumba imeneyo. Mawa sikisi koloko uli pampando."

Lolemba kunazizira, kamphepo kochokera kumapiri kakulowa pansi pa chitseko. Tinayamba ndi Chingerezi. Foni ndinaitsamiritsa ku botolo la mchere, iye n'kumakuza chithunzi ndi zala ziwiri, kukopera funso m'kope, kenaka kuyankha. Kukoperako kunali lamulo langa, chifukwa magetsi ankazima osatsanzika, ndipo foni ikafa sindinkafuna kuti ntchito ife nayo. Analemba chimangirizo, chinali chofooka koma chomveka. Kenaka tinalowa mafunso aja okupatsa chiganizo kuti uchilembenso mwa njira ina tanthauzo osasintha. Apo anagwa chagada. Mwa khumi anakhoza awiri.

Tikuchonga, anakweza mutu pang'ono.

"Amayi aakulu, nanga za mabuku tiwerenga liti?"

"Mabuku ati?"

"Aja a Chingerezi. Sewero lija, ndi nkhani zija."

"Iwe, nthawi yowerenga nthano inatha! Zaka zinayi unali kuti? Sabata ino ndi ya mafunso, osati ya mabuku. Taona apa, awiri mwa khumi, ndiye ukufuna ndikupatse sewero?"

"Chabwino, amayi."

Mawu amenewo ndimawamvabe. Ine ndinkadziwa kuti kuno kwathu za mabuku ndi phunziro lapadera, amatenga ofuna okha, ndipo ndinayesa mwanayu akufuna kuthawa galamala. Ana a Giredi 3 ankandichita zomwezo, ukawapatsa masamu amapempha nyimbo. Ndinawonjezera theka la ola pa bokosi la Chingerezi tsiku lililonse, la kulembanso ziganizo basi.

Lachiwiri anali masamu. Anayenda bwino ndithu, mutu wa masamu anatengera mayi ake amene ankawerengera mtedza pamsika osagwira cholembera. Koma anafika pa funso lina, lojambulidwa dziko lapansi lozungulira ndi mizere yake, lofunsa mtunda wa pakati pa malo awiri ndi kusiyana kwa nthawi. Analuma cholembera, n'kundiyang'ana.

"Izi sitinaphunzire."

"Ukanaphunzira bwanji uli kuchipatala? Anzako anaphunzira iwe kulibe."

"Kapena," anatero motsitsa.

Ndinatsegula mapepala a zaka zina, funso la dziko lozungulira linalimo chaka ndi chaka. Ndinati ichi ndiye chosaphonya, chimabwera nthawi zonse. Ine mwini sindinkachidziwa, ndiye tinakhala awiri masana onse kutsata yankho la aphunzitsi mzere ndi mzere, kubwerera m'mbuyo kuti tione nambala iliyonse yachokera pati. Lachinayi funsolo litabweranso kuchokera m'kope la zolakwa, analikhoza lonse. Ndinaomba m'manja, ndinamugulira chitumbuwa. Mtima wanga unali mbee, ndinkati ndikumupulumutsa.

Lachitatu panali funso la malonda lotchula ngwee. Anandionetsa ndi chala.

"Ndiye chiyani? Kwanu mumati tambala, kuno timati ngwee. Masamu alibe pasipoti, mwana iwe."

Anaseka pang'ono kuti andisangalatse, n'kupitiriza. Tsiku lililonse akamaliza bokosi ankaimirira, kupita kukhoma, kuchonga mwaudongo. Sanaphonyepo ngakhale limodzi. Ndinkamuletsa kusesa ndi kutunga madzi, koma ndikapita kumsika ndinkapeza mbale zatsukidwa, iye ali pampando ngati sanasunthe.

Lachinayi masana tinatenga pepala la chinenero chathu. Iye analemba "chimanga", yankho la mufoni linati "cimanga". Ndinatenga cholembera chofiira n'kudula h, kudula wina, kudula wina, mpaka tsamba linafiira.

"Amayi aakulu, kwathu timalemba ndi h. Akadzaona ndalemba chonchi adzandidula."

Pamenepo kanthu kanandilasa mumtima. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti tsidya lija amalemba ndi h, makalata a mng'ono wanga ndinali nawo m'sutikesi. Kamawu kena kanati, ngati kalembedwe kasiyana, n'chiyani china chasiyana? Koma ndinayang'ana kukhoma, mabokosi a masiku anayi atachongedwa kale, ndipo ndinakaniza kamawuko pansi.

"Ka h kokhako udzabwezera m'mayeso. Tiye, nthawi ikutha."

Madamu aja anabwera Lachisanu chakumasana, atabwerako kumaliro, kudzaona mmene tikuyendera. Anayamikira kalendala, anati akanakhala nayo yotere ana ake onse bwenzi akukhoza. Anatenga kope la masamu n'kumatsegula, akugwedeza mutu mokondwa. Kenaka anatembenukira kwa mtsikana.

"Ukulembera senta iti, mwanawe? Ya muno m'tauni?"

"Ayi, madamu. Kusukulu kwathu ku Mchinji."

"Ku Mchinji kwake kuti?"

"Ku Malawi."

Madamu anatseka kope pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, ndipo nkhope yake sindidzaiiwala.

"Amayi, bwanji simunandiuze? Ine ndimayesa ndi wa aja obwereza Giredi 12, amene amalemba nyengo yozizira ino. Mutati Fomu 4 ndinangoti ndi kalankhulidwe kanu kakale. Awa ndi mapepala athu a kuno. Si ake."

"Si ake bwanji? Chingerezi si Chingerezi? Masamu si masamu?"

"Zina zimafanana, inde. Koma silabasi ndi ina, kafunsidwe ndi kena." Anatembenukiranso kwa mwana. "Chingerezi mumalemba mapepala angati?"

"Atatu."

"Lachitatulo ndi la chiyani?"

"La mabuku. Sewero, nkhani yaitali, nkhani zifupizifupi ndi ndakatulo."

"Limawerengedwa pamodzi ndi enawo?"

"Inde, madamu. Zonse ndi Chingerezi chimodzi."

"Mabukuwo unawerenga?"

Anayang'ana pansi. Anati kusukulu kwawo mabuku ndi ochepa, amabwerekana, ndipo nthawi imene kalasi inkawerenga sewero ndi nkhani yaitali iye anali kuchipatala. Anamvako pang'ono kwa anzake. Sabata ino ndi imene ankayembekeza kuti awerenge. Anapita kuchipinda, anabwera ndi kachikwama kake ka pulasitiki, natulutsamo mabuku awiri okutidwa ndi nyuzipepala. Mnzake wina anamubwereka kwa sabata imodzi yokha, atamuchonderera. Masiku asanu onsewa anali pansi pa bedi langa.

"Nanga galamala amakufunsani kulembanso ziganizo chonchi?" anafunsa madamu, akuloza masamba amene tinakhetsera thukuta m'mawa uliwonse.

"Ayi. Amatipatsa mayankho anayi, timasankha limodzi."

"Za dziko lozungulirazi?"

"Sindinazionepo m'mapepala a kusukulu kwathu."

Ine magazi anathamangira kumutu, ndipo mwa chizolowezi changa ndinakalipira amene anali pafupi.

"Ndiye iwe unali chete bwanji? Pakamwa unasiya ku Mchinji? Sabata yonse ukuona zinthu si zako, osanena!"

Sanalire. Anayankha ali chigwadire, mawu ake ali phee.

"Ndinanena Lolemba, amayi aakulu. Ndi Lachiwiri. Kenaka ndinaganiza kuti poti inu ndinu aphunzitsi, mwina mukudziwa zimene ine sindikudziwa."

Ndinasowa poyang'ana. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo pamaso pa mwana, ine amene ndinkaimiritsa kalasi yonse ndi diso limodzi. Mwambi uja wa safunsa anadya phula ndinauphunzitsa kwa ana mazanamazana, ndinkaulemba pabolodi ndi choko chachikasu. Koma phula limeneli sindinadye ndine, ndinadyetsa mwana wa mng'ono wanga.

Tinayesa kuwola madzi otayika. Madamu anagula bandulo, mtsikana anaimbira mnzake uja wa mabuku kuti atijambulire mapepala a kwawo. Netiweki ya kumudzi kuja ndi ya pachulu, ukatsika yathawa. Zithunzi zinafika Loweruka m'mawa, zisanu ndi chimodzi zokha. Ziwiri zinali mbuu ngati zajambulidwa mu utsi. Pa china, chala chachikulu chinaphimba theka la funso. China chinadulidwa m'mphepete, mzere uliwonse unkathera panjira. Mayankho panalibe. Zimene zinkawerengeka zinali zokwanira kutiuza kukula kwa dzenje: fotokozani khalidwe la uyu, perekani zitsanzo za m'buku, n'chifukwa chiyani uje anachita chakuti. Maina onsewo kwa iye anali alendo.

Ndinati mayeso oyeserera a Loweruka afe, atenge sewero awerenge. Linali la Chingerezi chakale chija choti ngakhale ine ndinkabwereza mzere katatu. Ndinkawerenga mokweza, iye n'kumalemba maina ndi zimene aliyense wachita. Pofika madzulo tinali tisanafike ndi pakati pomwe, ndipo nditamufunsa kuti wakwiyira mnzake ndani, anasokoneza anthu awiri. Buku linalo sitinalitsegule n'komwe. Nditapita kukatereka madzi, ndinamuona pazenera ataima pakhoma paja. Anatenga cholembera n'kuchonga bokosi la Loweruka, ngakhale sitinachite zimene zinalembedwamo.

Lamulungu titachoka ku Misa yoyamba ndinamuperekeza kokwerera galimoto za kumalire ku Mwami. Anapempha kalendala ija. Ndinati, "Ya chiyani? Isiye ndikolezere mbaula." Anati akuifuna basi. Ndinaipinda kanayi n'kumuikira m'chikwama pamwamba pa mabuku aja. Ndinafuna kunena kuti pepa. Koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ukawerenge funso kawiri usanayankhe."

"Ndamva, amayi aakulu."

Miyezi yodikira ndinaitha ndikudzinyengerera. Ndinkati chimangirizo ndi chimangirizo, mwina chimukweza. Ndinkati masiku a pakati pa mapepala mwina anawerengako. Ndinkatinso sabata imodzi singakonze teremu yathunthu, ngakhale ndikanapeza mapepala oyenera mwina zikanakhala chimodzimodzi. Zimenezi mwina n'zoona. Koma masiku asanu ndi awiri akanakwana kuwerenga mabuku awiri, ndipo mwanayo anabwera nawo yekha m'chikwama. Pamenepo ndiye pamene maganizo anga ankafika n'kuima.

Zotsatira zinatuluka kutayamba kutentha. Foni inalira ndikuyanika zovala, anali alamu.

"Alamu, zatuluka. Masamu wakhoza bwino, za ulimi wakhoza bwino, zinanso zitatu wadutsa. Chingerezi ndi naini."

Naini ndiye kulephera, uku ndi uko komwe. Pokhapo mayiko awiriwa amagwirizana.

Ndinapita patatha sabata ziwiri. Ndinanyamula shuga, sopo ndi mawu amene ndinawakonza njira yonse. Ndinawapeza alamu pansi pa mtengo wa mango akukonza mpini. Ndinati mwanayu abwereze chaka chamawa, Chingerezi chokha chamugwetsa, ine ndithandiza. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Tinapangana pamaliro, alamu. Ine ndinasunga mbali yanga. Mvula ili pafupi, wamng'onoyu akudwaladwala. Akabwerera kusukulu, pano patsala ndani?"

Sanatchule za mapepala. Mpaka lero sindikudziwa ngati mwanayo anawauza, ndipo ndikukhulupirira kuti sanawauze. Zimenezo zimandipweteka kuposa akanandinyoza pamaso pa mudzi wonse.

Ndinalowa m'nyumba kukaika katundu. Kalendala yanga inali pakhoma, pamwamba pa mphasa imene mwanayo amagonapo ndi azing'ono ake, yokhomedwa ndi minga inayi. Mizere yanga yowongoka, mabokosi onse ochongedwa, mpaka la Lamulungu. Wotsatana naye, mtsikana wa Fomu 1, anandipeza ndikuiyang'ana. Anati achemwali ake amamuuza kuti aziphunzira chonchi: kuyankha buku lili chitseke, kulemba zolakwa padera, kuzibwereza pakapita masiku awiri. Anati njirayo ndi yabwino kwambiri.

Mwini wakeyo anali kumunda, akukonza mizere. Ndinamulondola dzuwa lili pamutu. Ananditulukira ali ndi fumbi mpaka m'maondo, kumanja khasu la mayi ake, ndinalizindikira ndi kansalu kofiira kamene mng'ono wanga anamanga pampini. Anagwada pamzere pomwepo kundipatsa moni. Mawu onse amene ndinakonza m'galimoto anabalalika, panatsala amodzi okha aja ndinalephera kunena ku siteshoni.

"Mwana wanga, pepa. Ndinakulakwira ine."

"Ayi, amayi aakulu. Munkafuna kundithandiza."

"Ndilankhulanso ndi bambo ako. Mwina chaka chinacho."

Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu wamkulu pomva mwana akulonjeza kumugulira galimoto. Anayang'ana kunyumba, kumene mng'ono wake anaima pakhomo ndi ndowa.

"Uyo ali ndi mutu kuposa ine," anatero. "Akadzafika Fomu 4 mudzamutenge, mudzamujambulire ina ngati ija. Koma mudzayambe mwamufunsa, amayi. Akadzayankha, mudzamumvere."

Anadzuka, anasasa fumbi pachitenje, n'kubwerera pamene anasiyira mzere.